Mwana wa zaka 6 sagula zinthu, bwezani ndalama zanga

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Mwana wanga wa zaka 6 amasewera kagemu ka magalimoto pafoni yanga ine ndili kalikiliki kugulitsa nanazi pa Chitakale. Kabokosi kowala kanatulukira pasikirini, iye n'kudina katatu. Madzulo mauthenga a ku banki ngwee! Madola 9.99 achoka katatu, ati ndagula makoini. Makoini a chiyani? Ndidyetsa ana makoini?

Usiku womwewo ndinalembera kalata eni gemuyo. Sindinapemphe ngati wopempha mchere ayi. Ndinatsegula malisiti amene anabwera pa imelo, n'kukopera nambala ya oda iliyonse, ija imayamba ndi GPA, deti lake, ola lake ndi mtengo wake. Ndinaikaponso zithunzi za malisitiwo, kenako n'kulemba kuti: "Anagula izi ndi mwana wa zaka 6, ine mwini khadi sindinavomere. Oda zitatu m'mphindi ziwiri, dzionereni nokha. Chotsani makoiniwo, mundibwezere ndalama pakhadi lomwelo."

Yankho lawo? Ati makoini ena agwiritsidwa kale ntchito, ndiye andipatsa ena aulere. Aulere! Ine ndikufuna ndalama zanga, osati timakoini.

Chala cha mwana si chilolezo cha kholo. Mwana wosadziwa kuwerenga sanagwirizane nanu, eni gemu, za mtengo. Mwana amene sasiyanitsa dola ndi kwacha sangakhale kasitomala wanu. Munthu wamkulu wake uti angagule chinthu chimodzimodzi katatu m'mphindi ziwiri? Batani logulira analiika dala pamene chala chimakhala posewera, nanga nkhani yake n'chiyaninso.

Inu amene mukuti "bwanji munam'patsa foni", khalani kaye chete. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Amayi anzanga, zikakugwerani musagone nazo. Pa Google Play, pempho lobwezeredwa ndalama limayenda bwino maola 48 asanathe. Akadutsa amakutumizani kwa eni gemu, komwe ndakumana ndi zamakoini aulerezi. Ine ndapempha konse kuwiri. Mwana asakhudzenso gemuyo, chifukwa koini iliyonse yomwe wawononga ndi imene adzakukanirani nayo. Nambala yonse ya khadi kapena nambala yachinsinsi musalembe m'kalata, nambala ya oda ndi yokwanira. Mukatero lowani mu Play Store, muike zoti pogula chilichonse foni izifunsa pasiwedi kapena chala chanu. Koma zimenezo sizikufafaniza ngongole yawo. Ndalama zija ndi zanga ndithu.

Ndiye kuti kalatayo ipite ndinachita kuyimirira panja mumdima, foni m'mwamba, netiweki ikuthawa. Zithunzi zitatu zokha bandulo n'kutheratu. Bandulo imeneyo andibwezera ndani?