Banki m'khonde: musamangowerengera ya Disembala

Mwezi wogawana ukafika pa banki m'khonde, zithunzi zimachuluka. Wina wagula malata, wina matiresi, wina wayala ndalama pamphasa ngati usipa wowumitsa. Ine sinditsutsa, nanenso ndimavina tsiku limenelo. Koma pali funso lomwe ndimafunsa amayi anzanga akamandionetsa envulopu yawo, ndipo ambiri amakhala kaye chete: mwalandira zingati ndamva, nanga chiwongola dzanja chomwe mwapereka chaka chonsechi ndi zingati?

Ndiyambe ndi momwe zimayendera, poti ena amangomva dzina, ena amasokoneza ndi chipereganyu. Pa chipereganyu mumasonkha n'kupatsa munthu mmodzi, mwezi wamawa wina, ndalama siibereka. Banki m'khonde ndi ina. Njirayi anaiyambitsa ndi a bungwe la CARE ku Niger m'chaka cha 1991 ndi magulu a amayi akumudzi, kenako inafalikira mpaka kuno kwathu. Anthu odziwana, kawirikawiri 15 mpaka 25, amasankhana okha, amalemba malamulo awo, n'kusankha wapampando, mlembi, wosunga bokosi ndi anthu awiri owerenga ndalama. Bokosilo limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi sasunga kiyi. Limatsegulidwa pamsonkhano pokha, aliyense akuona.

Gulu lathu tilipo 20 ndipo timakumana sabata iliyonse. Sheya imodzi tinagwirizana kuti ikhale K2,000. Munthu amagula sheya imodzi mpaka zisanu pa msonkhano umodzi, osapitirira, kuti wandalama asalimeze gulu. Sheya iliyonse mlembi amadinda chidindo chimodzi m'kabuku ka mwini wake, choncho ngakhale agogo osatha kuwerenga amawerenga zidindo zawo. Palinso kathumba kapadera ka mavuto, aliyense amaponya mofanana, ka matenda ndi maliro, ndipo sikasakanizidwa ndi ndalama yobwereketsa. Wochedwa pamsonkhano amalipira chindapusa. Ngongole munthu amatenga yosapitirira katatu pa zomwe wasunga, ndipo kwathu chiwongola dzanja ndi K20 pa K100 iliyonse pamwezi.

Tsopano masamu a tsiku logawana, amene ambiri timangowasiyira mlembi. Ngongole zonse zikabwezedwa, ndalama yonse ya m'bokosi imawerengedwa, n'kugawidwa ndi chiwerengero cha masheya onse a gulu. Tinene kuti gulu lagula masheya 2,500 chaka chonse, ndiye kuti tinasunga K5,000,000. M'bokosi mwapezeka K7,000,000 chifukwa cha chiwongola dzanja ndi zindapusa. Sheya yomwe munagula K2,000 tsopano yafika pa K2,800. Mayi yemwe ankagula masheya atatu sabata iliyonse kwa masabata 50 ali ndi masheya 150, anasunga K300,000, alandira K420,000. Nthungululu zimveka, wapindula K120,000.

Koma mayi yemweyu ngati anabwereka K100,000 kasanu ndi katatu m'chakacho, ulendo uliwonse n'kupereka K20,000 pamwamba, ndiye kuti anathira m'bokosi K160,000 ya chiwongola dzanja. Wabwezeredwa K120,000. Kumbali ya bokosi yokha watsala ndi dzenje la K40,000. Mnzake yemwe ali ndi masheya 150 omwewo koma sanabwerekeko olo kamodzi watenga K120,000 yoyera. Bokosi silibereka ndalama lokha ayi. K2,000,000 yowonjezera ija yachokera m'matumba mwathu momwemo, kuchoka kwa obwereka kupita kwa osunga.

Ndiye wobwerekayo waluza? Zimatengera komwe K100,000 ija inapita itachoka pakhonde. Apa ndi pomwe pagona nkhani yanga yonse: mpamba umakulira kumsika, m'masabata anayi omwe ndalamayo ili m'manja mwanu, osati m'bokosi.

Ine ndimagulitsa tomato, ndiye ndipereke chitsanzo cha geni yomwe ndimaidziwa. Ndikatenga K100,000 ndimakapikula, ndalamayo n'kukwanira tomato ndi thiransipoti yomwe. Ndikachotsa wowola, wophwanyika m'munsi mwa dengu, tikiti ya mumsika ndi mapepala okulungira, pa sabata yabwino ndimatolera K125,000. Ndalama yomweyo ndimabwerera nayo kukapikula sabata yotsatira, ndipo pofika tsiku lobweza yazungulira kanayi. Phindu ndi K100,000, gulu ndalipatsa K20,000, ndatsala ndi K80,000. Ngakhale sabata imodzi tomato atachuluka mumsika n'kungobweza mpamba wokha, ndikadali pabwino. Chomwe chandipulumutsa si kukula kwa phindu pa ulendo umodzi, koma kuti ndalamayo yapita n'kubwera kanayi pomwe chiwongola dzanja chawerengedwa kamodzi.

Tsopano tengani K100,000 yomweyo mukagulire feteleza wa chimanga. Mwathira mu Disembala kapena Januwale, chimanga mudzakolola mu Epulo kapena Meyi. Ndalamayo yakwiririka m'nthaka, siibwera sabata yamawa. Mukamalipira chiwongola dzanja chokha mwezi ndi mwezi, pa miyezi isanu mwapereka K100,000 ndipo ngongole ikadali yonse. Magulu ena akalephera kulandira, amaphatikiza chiwongola dzanja ku ngongole: mwezi woyamba K120,000, wachiwiri K144,000, wachitatu K172,800. Pamenepo kusiyana kwake ndi katapila n'kwakuti amene akubwera kudzanyamula mbuzi ndi anansi anu omwe mumapemphera nawo. Feteleza, malata, fizi, zonsezi n'zofunika, koma malo ake ndi ndalama yogawana, yomwe ndi yanu ndipo palibe akuiwerengera masiku. Ngongole ya m'bokosi ndi ya zinthu zothamanga: mandasi, tomato, usipa, makala, nkhuku zodula, kaunjika amene mukudziwa kale ogula ake.

Cholakwa china ndinachichita ndekha. Nditakwanitsa masheya 30, ndiye kuti K60,000, mlembi anati ndikhoza kutenga mpaka K180,000. Ndinatenga yonse, poti inalipo. Koma benchi langa limagulitsa tomato wa K100,000 pa sabata, kupitirira apo amandiwolera. K80,000 yotsalayo inakhala m'nyumba, ndipo ndalama yokhala m'nyumba mukuidziwa. Lero ndiwo, mawa mlendo, mkuja bambo akuti ndibwereke pang'ono ndibweza Loweruka. Pakutha pa mwezi inali itatha, koma chiwongola dzanja chake cha K16,000 chinali chikundidikira pamodzi ndi mwini wake K80,000. Phindu lonse la tomato mwezi umenewo linapita kukatseka dzenjelo, n'kuperewerabe. Kuyambira pamenepo sindifunsa kuti gulu lingandipatse zingati, ndimafunsa kuti benchi langa lingameze zingati.

Nanga mpamba umakula bwanji ngati mwezi uliwonse ukubwereka K100,000 yomweyo? Sukula, ndipo ndikudziwa amayi omwe akhala zaka zinayi akubwereka ndalama yofanana, geni ili pomwepo. Chomwe ndinachita ine n'chakuti pa K80,000 yotsala ija, theka ndimadya ndi ana, theka, K40,000, silituluka mu geni. Mwezi wotsatira ndabwereka K60,000 yokha, chiwongola dzanja chatsika kufika K12,000. Mwezi winawo ndili ndi K80,000 yangayanga, ndabwereka K20,000. Pofika mwezi wachinayi tomato yense ndi wa ndalama yanga. Apo m'pamene ndinabwerekanso K100,000, koma ya chinthu chatsopano, anyezi ndi mbatata ya kachewere pambali pa tomato, n'kuyambanso kuitsitsa chimodzimodzi. Nthawi yonseyi masheya sindinasiye kugula, chifukwa ndi omwe amakweza mlingo wa ngongole yomwe ndingatenge, komanso ndi omwe amandibwezera gawo la chiwongola dzanja changa mu Disembala.

Pali lamulo lina lomwe lalowa m'magulu ambiri ndipo ine ndimalikana poyera: loti aliyense abwereke, afune asafune, kuti ndalama isagone m'bokosi. Ndikumvetsa komwe likuchokera, obwereka amatopa kudyetsa osabwereka. Koma kukakamiza agogo opanda geni kutenga K50,000 ndi kuwalipitsa K10,000 pa ndalama yomwe angoisunga pansi pa pilo. Ena amaipereka kwa munthu wakunja kwa gulu, mlamu kapena mnzawo wa kumsika, ndipo akathawa, dzina lomwe lili m'buku ndi la agogowo. Ngati ndalama ikutsala m'bokosi sabata ndi sabata, bokosi likukuuzani kuti mtengo wake wakwera. Tsitsani chiwongola dzanja chifike K10 pa K100, muone ngati anthu sabwereka okha. Envulopu ya Disembala ichepa, inde, koma zotsala m'mageni mwanu zichuluka.

Gulu likayamba kudwala zimaoneka msanga, kungoti timachita manyazi kunena. Munthu akabweza ngongole lero n'kupempha yomweyo lero lomwe mwezi uliwonse, osatsika, kawirikawiri ndalama yobwezayo waibwereka kwina kwa maola ochepa. Munthu ali m'magulu atatu kapena anayi, dziwani kuti mwina akukumba dzenje kuti akwirire linzake. Mlembi akayamba kunena kuti buku ndikalembera kunyumba, kapena wapampando akati tinamuthandiza uje Lachitatu poti zinali zadzidzidzi, pomwe msonkhano ndi wa Loweruka, ndiye kuti maloko atatu aja asanduka chokongoletsera. Kwathu msonkhano usanatsekedwe owerenga ndalama amalengeza mokweza zomwe zatsala m'bokosi, ndipo sabata yotsatira timayamba ndi kufunsana kuti tinasiya zingati, bokosi lisanatsegulidwe. Zimatenga mphindi ziwiri. Ndipo ngongole zatsopano timasiya kupereka kutatsala mwezi ndi theka kuti tigawane, chifukwa mikangano yambiri ya tsiku logawana imachokera pa ngongole za kumapeto.

Za tsiku logawanalo ndili ndi dandaulo limodzi. Timagawana pakati pa Disembala, ndalama n'kukumana ndi Khirisimasi pakhomo, kenako fizi ya Januwale. Gulu limayambanso bokosi lili mbee, mwezi womwe aliyense akufuna ngongole. Komanso kwacha sadikira munthu: mu Novembala 2023 mphamvu yake inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo amene anali atasunga chaka chonse anapeza mitengo ya m'sitolo itasintha asanagawane. Chaka chino ndapempha gulu lathu zinthu ziwiri. Choyamba, tigawane kumayambiriro kwa Novembala kuti ofuna feteleza ndi mbewu agule ndi ndalama yawo mvula isanagwe. Chachiwiri, tsiku lomwelo aliyense asiye ndalama yofanana, tinene K40,000, ngati masheya oyambira, kuti sabata yoyamba m'bokosi mukhale K800,000 yobwereketsa. Loyambalo avomera. Lachiwirilo amayi atatu akuti akafunse kaye kunyumba, ndiye tikambirananso Loweruka likubwerali.