Kudzola kwa m'mawa kokha sikukwanira

"Ana achialubino azidzola mafuta oteteza khungu m'mawa asanapite kusukulu."

A mtolankhani, awa ndi mawu a m'nkhani yanu, koma apa mwasiyira panjira. Mafutawa, ngakhale amphamvu kwambiri olembedwa SPF 50, amafuna kudzolanso pakatha maola awiri, ndipo mwana akatuluka thukuta amachoka msanga. Wanga ali Sitandade 4. Akadzola 6 koloko, pofika nthawi ya buleki mafutawo amakhala atatha ntchito, pomwe dzuwa loopsa ndi la 10 koloko mpaka 3 masana. Ndiye ndimamupatulira m'kabotolo kakang'ono ka m'chikwama, aphunzitsi n'kumamukumbutsa.

Makolo anzanga, musaiwale makutu, kumbuyo kwa khosi, milomo ndi kuseri kwa manja. Muziyendetsa chala pamenepo mukamamusambitsa. Mukamva kadontho kokhakhala, kouma, kapena pali chilonda chomwe chatha milungu osapola, pitani kuchipatala, musathire mankhwala azitsamba. Khansa ya pakhungu imayamba choncho, ndipo timadonthoto tikadali tating'ono madokotala amatha kutichotsa. Kwamitambo nako kumawotcha, mu Juni musapusitsidwe ndi chisanu.

Zovala simunazitchule n'komwe. Yunifolomu ya mikono yaifupi ndi kabudula sizimuthandiza mwanayu. Makolo, kakambiraneni ndi ahedi azivala malaya a mikono yaitali, thalauzi ndi chipewa chachikulu chophimba makutu, osati kapusi. Pa asembule aziima pamthunzi.

Za maso, kumukhazika kutsogolo m'kalasi n'koyenera, koma osati pafupi ndi windo, kuwalako kumamuthobwa m'maso. Aphunzitsi, lembani zilembo zikuluzikulu, ndipo muziwerenga mokweza zomwe mukulemba pabolodi.