Fizi ilembeni patsamba loyamba

Dzulo ndachoka kumsonkhano wa komiti ya makolo mtima ukuwira. Akuluakulu a sukulu atibweretsera kabuku kofotokoza za sukulu yathu, akuti kakonzedwanso. Masamba 16. Loyamba uthenga wa adailekita, lachiwiri mbiri ya sukulu, kenako masomphenya, kenako zithunzi za ana ali kunyanja. Fizi ndinakaipeza patsamba 14, m'timalemba tating'ono, yunifolomu sanaiwerengeremo.

Akuti ukayamba ndi ndalama makolo amathawa. Zabodza zimenezo.

Mayi wachokera ku Makanjira, wawononga tsiku ndi thiransipoti, wawoloka Shire, akufuna adziwe chinthu chimodzi: ndikwanitsa kapena ayi? Muuzeni patsamba loyamba. Teremu imodzi ndi zingati kwa woyendera, zingati kwa wogonera konko. Pansi pake pomwepo ndalama ya chitukuko, yunifolomu, ya mayeso a MANEB akafika Fomu 2 ndi Fomu 4, ndiyeno muwonkhetse za materemu onse atatu. Nenaninso ngati mumalola kupereka pang'onopang'ono, ndi tsiku lomwe mumayamba kubweza ana kunyumba. Kholo lisamadzamve za ndalama ina mwana atavala kale yunifolomu. Kumeneko ndi kutchera msampha, ndipo ine sindingasainire.

Nanga zotsatira? Alemba kuti "ana athu amakhoza bwino kwambiri." Bwino wake uti? Tinene kuti mu Fomu 3 munali ana 45, mwalembetsa mayeso a MSCE 20 okha, onse akhoza, inu n'kulemba 100 pa 100. Enawo 25 anapita kuti? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lembani zaka zitatu zapitazi, chaka chilichonse pamzere wake: analemba MSCE angati, anakhoza angati, amene anapeza mapointi osapitirira 20 ndi angati, ndi angati anasankhidwa kupita ku mayunivesite a boma. Mwana mmodzi wa mapointi 9 uja mumamuika pachikuto sandiuza kanthu za anzake. Chaka chomwe zinavuta chilembeninso, makolo kuno timauzana kale pamsika.

Za "maphunziro apamwamba" ndi "mwambo" fufutani, sukulu iliyonse kuchokera ku Namwera mpaka ku Monkey Bay imalemba zomwezo. Nenani zanuzanu. Labotale ilipo ndipo ana amagwiradi zipangizo? M'kalasi amakhala angati? Hositelo ya atsikana ili ndi mpanda ndi mayi wowayang'anira usiku? Chakudya ndi cha halali? Lachisanu ana amapatsidwa nthawi yopita kumzikiti? Kuno ku Mangochi kholo limafunsa zimenezi lisanafunse za mpira.

Zonsezi zikwana papepala limodzi, kutsogolo ndi kumbuyo, loti munthu alijambule n'kutumizira m'bale wake ku Joni amene amalipira fiziyo.

Komanso nambala ya foni ili kumapetoko ndi ya akalaliki amene anasiya ntchito chaka chatha. Ndaimba katatu lero m'mawa, siikupezeka.