Kuthokoza si msonkhano wachiwiri, abale anga

Ndapsa mtima ndipo sindibisa. Dzulo timatseka maphunziro a kapangidwe ka manyowa a Mbeya kwathu kuno, m'kalasi ya sukulu ya pulaimale imene aphunzitsi anatibwereka. Zonse zinayenda bwino. Alangizi anatiphunzitsa, tinasakaniza ndi manja athu, matumba tinamanga. Pofika 3 koloko masana wotsogolera mwambo anati kwatsala mawu othokoza basi kenako pemphero, anthu azipita. Bambo amene anasankhidwa kutiyankhulira anaimirira, nakonza jekete, ndipo anakhala pansi patadutsa mphindi zoposa 40.

Mphindi 40 za chiyani? Anayamba ndi kulonjera a Gogo Chalo amene sanabwere n'komwe. Analonjera a Gulupu, mafumu mmodzimmodzi, a khansala, apampando a chitukuko, akuluakulu a mipingo, ndipo atamaliza anakumbukira wina amene anamuiwala n'kuyambiranso pamwamba. Kenako anatifotokozera mbiri ya mudzi, njala ya 2002, ulendo wake wa ku Lilongwe, ndi kuti ulimi ndi msana wa dziko lino. Pamapeto pake anati tikuthokoza onse amene atengapo mbali mwanjira ina iliyonse. Dzina la alangizi amene anaima nafe padzuwa sanalitchule. Mawu oti manyowa sanatuluke pakamwa pake ngakhale kamodzi.

Maganizo anga ndi awa, ndipo wokwiya akwiye: mawu othokoza potseka maphunziro asapitirire mphindi 3, ndipo azitchula munthu ndi chimene wachita. Ngati simungathe zimenezi musavomere kuimirira.

Inu mukamati tikuthokoza onse, mwathokoza ndani? Palibe amene amabwerera kwawo atamva kuti ntchito yake yaoneka. Mayi amene anadzuka m'mamawa kukatunga madzi kumjigo kuti tisakanizire manyowa sangadzipeze m'mawu oti onse. Mnyamata amene anatuta ndowe za nkhuku pa njinga kuchokera kukhola la kwawo sangadzipezemo. Mawu amene mungathe kuwanyamula osasintha kanthu n'kukawanena paukwati, pachiliza kapena potsegulira mlatho si othokoza maphunziro athu ayi. Muyeso wake ndi womwewo. Chotsani dzina la mudzi m'mawu anuwo, ndipo ngati akukwanabe pamwambo wina uliwonse, dziwani kuti simunathokoze aliyense.

Ndipo kutalikitsako kuli ndi mtengo umene wolankhula saulipira. Amaulipira ndi mayi wa mwana kumbuyo amene kwawo ndi kutsidya kwa dambo, amene ayenera kukafika kusanade kuti akateleke. Amaulipira ndi agogo amene akhala pa desiki ya mwana wa sitandade 3 kuyambira m'mawa, mawondo atagunda thabwa. Anyamata a kabaza anali panja, ena anatopa n'kunyamuka. Kumwamba kunali kutachita mdima cha kumapiri, aliyense akusuzumira pawindo, koma bambo aja ali pakati pa njala ya 2002. Akuluakulu anati ukatambatamba uziyang'ana kum'mawa, kungakuchere. Anthu akayamba kubereka ana, akayamba kupinda makope, akawomba m'manja inu musanamalize, kumeneko n'kucha. Khalani pansi.

Wina andiuza kuti ulemu ndi chikhalidwe chathu, mafumu sitingawalumphe. Ndani wanena zowalumpha? Ulemu uperekedwe, koma kamodzi. Mafumu aja analonjeredwa kale ndi wotsogolera mwambo m'mawa, analonjeredwanso ndi alangizi, analonjeredwanso ndi apampando. Inu ndinu wachinayi kapena wachisanu. Nenani kuti a Gulupu ndi mafumu onse, alangizi athu, amayi ndi abambo, zikomo, kenako lowani m'nkhani. Mfumu yanzeru sikondwa kumva dzina lake kasanu anthu ake akunyowa ndi mvula panjira. Zotchula mayina 20 tinangotengera kumisonkhano ya ndale, basi.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti zoti anene zinalipo zambiri, zooneka ndi maso. Akanangotembenuka akanaona matumba atatsamira khoma kumbuyo kwake. Akanatha kunena motere, ndipo ndalemba dala kuti wina asati ndikungolalata:

"A Gulupu ndi mafumu onse, alangizi athu, amayi ndi abambo, zikomo. Ndikuyankhula m'malo mwa tonse amene taphunzira. Alangizi, tikukuthokozani chifukwa simunangotilembera pa bolodi. Munatitulutsa panja, tasakaniza tokha ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono. Mwationetsa kufinya m'manja kuti tidziwe ngati madzi akwana: zigwirane koma zisadonthe. Ambirife timathira madzi ngati tikukanda dothi, lero tadziwa. Aphunzitsi aakulu, zikomo potibwereka kalasi ino, tisesa tisanachoke. Amayi anayi amene mwatiphikira, imirirani tikuoneni, nsima inafika pa nthawi yake. Achimwene amene munabweretsa ndowe pa njinga, popanda inu tikanaphunzira ndi pakamwa pokha. Matumba tamanga lero Lachinayi, ndiye pakatha masiku 21, Lachinayi lomwe, tidzakumana pano kudzawamasula, ndipo alangizi tikupempha mudzakhale nafe. Muyende bwino nonse. Zikomo."

Werengani mokweza muone ngati zikukwana ndi mphindi 2 zomwe. Koma taonani zimene zalowamo. Alangizi amva chenicheni chimene chagwira m'mitu ya anthu, ndipo akapita kumudzi wina adziwa kuti zofinya m'manja zija asazisiye. Amene anali kusinza nthawi ya phunziro wakumbutsidwa zosakaniza ndi masiku 21 popanda kumubwerezera phunziro lonse. Ophika aimirira pamaso pa mafumu. Ndipo tsiku lokumananso lanenedwa pagulu, mfumu ikumva, choncho n'kovuta kuti lizimiririke. Zonsezi m'mawu ochepa chonchi.

Pamene pali mayina, atchuleni mayinawo. Ine pano sindinawalembe chifukwa ndi pagulu, koma m'kalasi muja munthu amafuna kumva dzina lake kapena la mfunda wake, Nabanda kapena Naphiri, litatchulidwa bwino. Ndipo dzina silifunsidwa mutaimirira kale. Zoti alangizi athu a... a ndani paja, kwinaku mukutembenukira kwa apampando, n'zochititsa manyazi kuposa kusatchula kumene. Funsani nthawi ya nkhomaliro. Pitani kukhitchini mukafunse amene aphika ndi angati ndipo ndi ndani. Funsani amene anapereka madeya, amene anagula mapulasitiki oika m'matumba. Lembani pa kapepala kamodzi, kokwana m'dzanja. Kapepala kakadzadza, mawu anu akwana.

Apa okonza maphunziro nanunso muli ndi mlandu. Mumadikira mpaka mphindi yomaliza n'kuloza munthu kuti bambo uko tatiyankhulireni. Munthu wodzidzimutsidwa alibe chogwira, ndiye amathawira kumalonje ndi mbiri yakale, amazungulira kufunafuna potera. Muuzeni m'mawa, kapena dzulo lake. Muuzeni kuti ndi mphindi 3. Ndipo musamangosankha munthu chifukwa ndi wamkulu kapena amavala jekete. Sankhani amene anagwira fosholo, amene manja ake akununkha ndowe. Dzulo panali mayi wina amene anafunsa funso labwino kuposa tonse, loti manyowawo akawamasula awayanike padzuwa kapena pamthunzi, alangizi n'kuyankha kuti pamthunzi. Mayi ameneyo akanathokoza zomveka chifukwa anali m'phunziromo ndi mtima wonse. Koma ayi, timapereka mwayi kwa omwewomwewo, amene amayankhula pamaliro, pachitukuko, pampira, mawu ake amodzimodzi.

China, kuthokoza si nthawi ya madandaulo. Bambo aja atatopa ndi mbiri anayamba kupempha mjigo, mlatho, mbuzi, ngakhale malata a tchalitchi, kwa mlangizi wa zaulimi amene anabwera pa njinga yamoto ndi choko m'thumba. Mlangizi angakupatseni mlatho? Munthu wakuphunzitsani mmene thumba limodzi la feteleza la makilogalamu 50 lingakupatsireni matumba 5 a manyowa, ndipo inu malipiro ake mukumusenzetsa mavuto a dera lonse. Anangoti zyoli, kumwetulira kwa manyazi. Zopempha zili ndi malo ake, ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi. Ngati chakudya chinachepa kapena phunziro linathamanga, nenani nthawi younika mmene maphunziro ayendera. M'mawu othokoza mungaikemo pempho limodzi lokha, logwirizana ndi phunzirolo, limene gulu lagwirizana, monga lija loti alangizi adzabwere tsiku lomasula matumba.

Ndibwerezanso chifukwa ena samva kamodzi. Tchulani munthu. Tchulani chimene wachita. Nenani chimene tikachite ndi tsiku lake. Khalani pansi. Kutalikitsa sikuonetsa kuti mwayamikira kwambiri, kumangoonetsa kuti mumafuna anthu akumveni inuyo. Tsiku lija silinali lanu. Linali la alangizi, la ophika ndi la anthu amene anasiya minda yawo nthawi yokonza mizere kudzaphunzira.

Ndipo poti ndayamba kale, ndinene ndi izi. N'chifukwa chiyani ndalama ya mayendedwe mumaisunga mpaka pemphero lotsekera litatha? Anthu 30 pa mzere umodzi, pepala losayinira limodzi, cholembera chimodzi, ena osadziwa kulemba akufunafuna inki yodindira chala, kunja kukuda. Mumaopa kuti mukapereka masana anthu athawa. Ngati mukuopa kuti athawa, vuto lili pa zolankhula zanu zotalikazo. Sayinitsani nthawi ya nkhomaliro.