Mayi a zaka za agogo ako sungawalembere kuti "balansi ija bwanji?"

Lero ndapsa mtima ndipo ndilankhula. Mnyamata amene amandithandiza kulemba mabuku a ndalama pa bizinesi yanga yophika zakudya za pa maukwati watumizira mayi ena akuluakulu uthenga uwu pa WhatsApp: "Bho? Balansi ija bwanji, ikufunika lero." Mayi amenewa anapuma pa ntchito ya uhedi, ndi amene anali wapampando wa komiti ya ukwati wa mdzukulu wawo, ndipo akhala akundipatsa ntchito kuyambira kale. Moni palibe, dzina lawo palibe, ngakhale kuchuluka kwa ndalamayo sanatchule. Nditamufunsa wandiyankha mosaphethira kuti, "Anti, ndi uthenga womwewo umene ndatumizira achimwene a madekoleshoni aja, ndipo iwo alipira kale." Womwewo! Ndiye vuto lakelo, mwana iwe, ndi limenelo.

Ndalama tikuifunadi, sindikukana. Ntchito yonse inali K950,000, analipira K570,000, yatsala K380,000, ndipo tsiku limene tinagwirizana linadutsa sabata yatha. Kukumbutsa munthu ngongole si mwano. Koma mawu amene umalembera mnzako amene mumanyamula naye mapoto pa lole imodzi sangakhale amene ukulembera munthu amene ukakumana naye umagwira m'manja ndi manja awiri. Ngongole ndi imodzimodzi, anthu ndi osiyana. Kodi zimenezi n'zofunika kupita nazo ku koleji?

Mnzanga wa madekoleshoni uja anabwereka mipando yanga pa K60,000. Iyeyo ndikhoza kumulembera kuti, "Aise, 60 pin ya mipando ija undiponyere pa Mpamba pofika Lachisanu, ndikufuna ndilipire anyamata." Zatha. Amaseka, amatumiza, mawa tikumana ku ntchito ina. Ndipo ndikati ndimulembere kuti "Okondedwa Bambo, ndalemba kalatayi pofuna kukukumbutsani," andiimbira nthawi yomweyo kufunsa kuti ndalakwanji. Kwa mnzako wapamtima ulemu wopyola muyeso umamveka ngati wakwiya, ngati ubale watha ndipo chotsatira ndi kwa amfumu. Ndiye musandimve molakwa kuti ndikufuna aliyense azilemberedwa ngati a bishopu. Ndikunena kuti uziyamba waona nkhope ya munthuyo m'maganizo usanagwire foni.

Kwa mayi aja uthenga umayamba ndi moni, moni weniweni, wa dzina lawo la ulemu. Kenako umawathokoza chifukwa cha ntchito imene anakupatsa. Ukatero ndi pamene umalowa m'nkhani, ndipo umawasiyira khomo lotulukira kuti asachite manyazi. Ine ndikanalemba chonchi:

"Mwaswera bwanji Mayi? Tikuthokoza kwambiri kuti munatikhulupirira pa ukwati wa mdzukulu wanu. Ndimati ndikukumbutseni, poti zochita zimachuluka ukwati ukangotha, kuti pa K950,000 ija patsala K380,000. Ngati n'kotheka, tingakondwe itafika pofika Lachisanu, pa 14. Mukhoza kutumiza ku akaunti ya ku banki ili pa invoisi imene ndaiphatikizayi, kapena pa Airtel Money. Ngati nkhaniyi ili m'manja mwa a msungichuma a komiti, mundiuze ndilankhule nawo kuti ndisakuvutitseni. Zikomo kwambiri."

Onani bwino, mu uthenga umenewu mulibe kunyengerera kopanda pake. Chiwerengero chilimo, tsiku lilimo, kotumiza kulimo. Ena amaganiza kuti ulemu ndi kuzungulira nkhani, amalemba ndime zitatu za "pepani, pepani, tikudziwa zinthu zavuta" mpaka munthu wamkuluyo amaliza kuwerenga osadziwa kuti akufunidwa zingati, liti. Amenewonso amanditopetsa. Zimene zimasintha ndi moni, katchulidwe ka munthuyo, "inu" m'malo mwa "iwe", kupempha m'malo molamula. Manambala sasintha ndipo sabisidwa, kaya ukulembera a hedi kaya ukulembera mnzako wa pa lole.

Ndipo mawu oti "ikufunika lero" aja ndi amene andiwawa kwambiri. Munthu wamkulu sumupatsa maola. Ndalama ya ukwati nthawi zambiri sikhala m'chikwama mwa wapampando, imakhala kwa msungichuma, ina ikudikira kuti a komiti akumane awerengere za perekaniperekani. Ukati "lero" ndiye kuti wawauza kuti ukuwayesa akuba. Mnzako ukhoza kumuuza "lero" chifukwa akudziwa kuti anyamata otsuka mbale akudikira panja, ndipo iyenso anakuuzapo chimodzimodzi. Mayi aja alibe nawe chizolowezi chimenecho. Iwo akuwerenga mawu okhawo amene ali pa foni, ndipo mawuwo akuwauza kuti kamwana kena kakuwakalipira.

Mudziwa bwanji kuti mwaphonya? Munthu wamkulu sakutukwana. Amangoyankha kuti "Zikomo, ndamva," n'kutumiza ndalama yonse, n'kungokhala chete. Ena amasangalala kuti uthenga wagwira ntchito, osadziwa kuti ntchito ya chinkhoswe chikubwerachi yapita kwa wina, ndipo ku Mvano dzina lako latchulidwa kale kuti ana a kumeneko alibe mwambo. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mlomo wa masiku ano ndi uthenga wa pa foni, ndipo umenewo sufufutika, amauonetsa anzawo.

Ena anena kuti ndi mafoniwa, kuti achinyamata anazolowera kulemba mwachidule. Kaya. Foni yomweyo ndi imene amalembera abwana akafuna ntchito, ndipo pamenepo "Bwana" ndi "chonde" samaiwala.

Ngakhale nthawi yotumizira imasiyana. Mnzanga ndikhoza kumukumbutsa usiku, sadandaula. Kwa munthu wamkulu umatumiza masana, tsiku la ntchito, osati Lamulungu m'mawa ali m'tchalitchi. Pakapita sabata osayankha, sutumiza "??" ayi. Umaimba foni, kuwalonjera, kufunsa ngati uthenga uja unafika, ndipo mukamvana tsiku latsopano umalemba kauthenga kotsimikizira kuti, "Monga tinagwirizana pa foni, tidikira pofika pa 21." Umenewo ndi umboni wako, koma wauika mwaulemu. Kulimba mtima kumabwera pang'onopang'ono, ulemu osautaya. Ngakhale pa chikumbutso chachitatu, pamene wayamba kunena poyera kuti kuchedwaku kukuimitsa ntchito zina, iwo akadali "Mayi", akadali "inu".

Ndiye pali enanso inu amene mumakumbutsa ngongole pa gulu la WhatsApp la komiti yonse, anthu makumi angapo akuwerenga, apongozi ali momwemo. "Amene sanamalize kulipira okonza chakudya achite changu." Mukufuna ndalama kapena mukufuna kuchititsa munthu manyazi? Enanso mumaika pa sitetasi kuti "anthu ena kudya amadziwa, kulipira ayi," ngati kuti mwini wakeyo sadzizindikira. Nambala yake muli nayo. Muimbireni!