Meseji ya zilembo zoperewera: yambani mwaibweza m'Chichewa chathunthu musanaimasulire

Maganizo anga kwa anzanga nonse amene mumapatsidwa mameseji a alimi kapena a m'magulupu a WhatsApp kuti muwaike m'Chingerezi, kaya kuofesi kaya kukoparetivi kuno ku Mchinji, ndi awa: osamangoona meseji ya zilembo zoperewera n'kulumphira pomwepo ku Chingerezi ayi. Ilembeni kaye yonse m'Chichewa chathunthu pansi pake, muiwerenge mokweza, mukamva kuti apa ndiye pakuyankhula munthu m'pamene muyambe kumasulira. Ambiri timadumpha sitepe imeneyi poti Chichewa n'chathu, koma zolakwika zambiri zimene ndimaziona sizichokera ku Chingerezi, zimachokera pa kuwerenga komweko.

Tisaanyoze olemba chonchiwa, ali ndi zifukwa zawo. SMS imodzi imalola zilembo 160 basi, ukapitirira ndiye kuti walipira awiri, ndipo ukangoikamo ŵ wa kachisoti uja malire amatsika kufika pa 70 chifukwa chilembocho sichili pa mndandanda wamba wa SMS. Nanga pa kafoni ka mabatani, kuti s atuluke udina 7 kanayi, z udina 9 kanayi, i ndi o katatukatatu, munthu ali kumunda manja ali matope angalimbane nazo zimenezo? Chizolowezicho chinakhazikika, lero ngakhale ali ndi foni yotsetsereka ndi bandulo yokwanira amalembabe momwemo.

Chabwino chake n'choti sachotsa mwachisawawa. Chichewa chathu mawu ake amayenda ndi mavawelo asanu okha, a e i o u, ndipo mawu aliwonse amathera pa vawelo, nde wolemba amadziwa kuti akachotsa mavawelo n'kusiya mafupa okhaokha mnzake abwezeretsa yekha. Zosavuta mumazidziwa kale, "zkm" ndi zikomo, "bwnj" ndi bwanji, "chfkw" ndi chifukwa, "nde" ndi ndiye, ndipo manambala amawerengedwa m'mene amamvekera pakamwa, "mun2" ndi munthu, "zin2" ndi zinthu, "4n" ndi foni. Izi sizivuta munthu. Vuto limabwera pamene mafupa omwewo akukwana m'matupi awiri kapena atatu.

Taonani meseji ngati iyi, yamtundu umene umabwera nthawi yogulitsa mtedza kuchokera cha ku Kapiri kapena ku Mkanda uko:

"bwn mtdz ulpo mtmb 15 km sndnsw mbale wng abwr mw nd glmt kt ttng mtng 2pn pa kg 4n yng ilb moto"

Wothamanga aona "15 km" n'kulemba kuti mtedzawo uli pa mtunda wa makilomita 15, ndipo m'Chingerezi zioneka zaukhondo zedi moti palibe amene angakayike. Koma yambani kumayambiriro. "bwn" ndi bwana poti akulonjera, ngakhale pena pake mafupa omwewa amaimira bwino. "mtdz ulpo" ndi mtedza ulipo, ndipo u woyambayo akugwirizana ndi mtedza, ndiye tili pa njira yoyenera. Tsopano "mtmb" ndi pamene pamafunika kudekha chifukwa akhoza kukhala matumba, matemba, mitambo, ngakhale mtembo umene. Nkhani ndi ya mtedza ndipo kutsogolo kuli nambala, choncho ndi matumba 15. Nambalayo yapeza kale mwini wake, singakhalenso ya makilomita, nde "km" watsala yekha ndipo ndi koma. Mukuona kuti mawu amodzi atsegula anzake? N'chifukwa chake ndimati musamamasulire mawu amodziamodzi ngati mukutola nyemba, werengani mpaka kumapeto kaye kenako mubwerere.

Pa "sndnsw" ndi pamene pagona ndalama. Mawu aliwonse oyamba ndi s kutsogolo kwa nd muziwayang'ana kawiri chifukwa kawirikawiri ndi kukana, sindi-. Apa ndi sindinaswe, kutanthauza kuti mtedzawo ndi wamakoko. Mukataya s woyambayo mupeza ndinaswa, ndipo wogula abwera akuyembekeza matumba 15 a mtedza woswa, pomwe thumba la wamakoko ndi lopepuka ndipo ukaswa mtedza wake sudzadzanso thumba. N wachiwiri uja nayenso ngofunika, ndi amene akusiyanitsa sindinaswe ndi sindiswa. Woyamba akuti ntchitoyo sanaigwirebe, wachiwiri akuti saigwira n'komwe, wogula akaswe yekha.

Chimene chimatithandiza kwambiri, chomwe anthu sachigwiritsa ntchito mokwanira, ndi mgwirizano wa mawu. "mbale" wopanda kankhodolero kaja akhoza kukhala mbale yodyera kapena m'bale wako, ndipo pafoni palibe amene amavutika kufunafuna kachizindikiro kameneko. Koma taonani mawu otsatira, "wng". Mbale yodyera ikanatenga yanga, ikanalembedwa "yng" monga momwe "4n yng" yalembedwera kumapetoko. W ameneyo watiuza kuti ndi munthu, m'bale wanga. Olemba amataya mavawelo koma kachilembo koyamba ka mgwirizano sakataya kawirikawiri, w, y, ch, z, l, ndiye mukasokonezeka ndi dzina yang'anani anzake oyandikana nalo akuuzani gulu lake.

"abwr mw" ndi abwera mawa, ngakhale anyamata ena angakonde kuti akhale mowa kkkk, ndipo mawa ameneyo ndi amene watithandiza kudziwa kuti munthuyo sanafike, chifukwa abwera payekha, ngakhale utamulemba wathunthu, amatha kutanthauza kuti wafika kale kapena afika, timasiyanitsa ndi kamvekedwe ka mawu kamene papepala sikaoneka. "nd glmt" ndi galimoto, palibe nkhani. "kt ttng" pali njira zitatu, tatenga, titenga, titenge, koma kuti wa cholinga amafuna mneni wothera ndi e, nde ndi kuti titenge. "mtng" apa si wa mango ayi, kutsogolo kuli ndalama, ndi mtengo wogulitsira. "2pn" ndi 2 pini, K2,000 pa kilogalamu, ndipo apa 2 ndi nambala yeniyeni osati uja wa mu "mun2". Kumapetoko foni yanga ilibe moto, ndiko kuti batire latha, musadabwe mukaimba osandipeza.

Ikalembedwa yonse ikhala chonchi: Bwana, mtedza ulipo matumba 15 koma sindinaswe. M'bale wanga abwera mawa ndi galimoto kuti titenge. Mtengo ndi K2,000 pa kilogalamu. Foni yanga ilibe moto.

Apa ndiye mutha kumasulira, komabe pali chinthu chimodzi chimene galamala singakuuzeni: K2,000 imeneyo ndi ya wamakoko kapena akunena mtengo wa woswa? Mesejiyo sinanene. Womasulira wabwino samadzaza yekha dzenje lotere, amafunsa mwini wake, ndipo ngati foni ilidi yothima amalemba pambali kuti apa sipanatchulidwe. Ine ndimaona kuti kunena kuti "apa pali matanthauzo awiri" ndi ukatswiri kuposa kupereka chiganizo chosalala chomwe theka lake waganizira wekha.

Pali zilembo zina zomwe zimasowa mwakachetechete moti mawu amaoneka athunthu, ndipo izi ndi zoopsa kuposa mafupa aja chifukwa sukayika n'komwe. H ndiye woyamba. Wina akalemba "waponya" mwina akuti waponya mwala, mwina akuti waphonya, ndipo pa nkhani ya mpira awiriwa ndi osiyana kutalitali. "kola" akhoza kukhala khola la nkhumba, "kukala" akhoza kukhala kukhala. Za l ndi r musataye nazo nthawi, "ndarama" ndi "ndalama" ndi chimodzimodzi, lamulo la kusukulu loti r amabwera pambuyo pa i ndi e pafoni silitsatidwa. Koma vawelo ya nthawi ikasowa, ngati mu "ndpt" kapena "nd2mz", imani kaye, chifukwa ndapita ndi ndipita, ndatumiza ndi nditumiza, zimasiyana ndi chilembo chimodzi chomwe chatayidwacho. Anthu akangana pa nkhani ya ndalama za pafoni chifukwa cha zimenezi, wina akuti unati watumiza, mnzake akuti ndinati nditumiza. Fufuzani mawu ngati kale, dzulo, mawa, pompano, akasowa onani meseji ya m'mbuyo imene akuyankha.

Ndiye kwathu kuno tili ndi zathuzathu chifukwa cha malire a Mwami. Abale athu a ku Chipata kusukulu anaphunzira kulemba c pomwe ife timalemba ch, nde mukaona "cifukwa" kapena "cabwino" musathamangire kunena kuti munthuyo wadumpha chilembo, ndi kalembedwe ka Chinyanja cha ku Zambia kameneko. Chimenecho chikhale chizindikiro choti mwina ndi kwacha imene akutchula ndi ya kwawo osati yathu, ndipo kusiyana kwake si kwamasewera. Mukaonanso "manje" dziwani kuti ndi tsopano. Choncho musanayambe n'komwe funsani kuti walemba ndani, ali kuti, wamsinkhu wanji, chifukwa mnyamata wa kabaza pa Kamwendo akalemba "mita" akunena miliyoni, pomwe mayi wogulitsa nsalu akunena muyeso wa nsalu.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi kuchotsa tizinthu tooneka ngati zinyalala. "kkkk", "mxiii", "eee", "eeeh", anthu amangofufuta poti si mawu a m'dikishonale. Koma "zkm bwn" ndi "zkm bwn mxiii" si meseji imodzi, wachiwiriyo watsonya, wakwiya, zikomo wakeyo ndi wonyoza, ndipo mukapereka kwa abwana kuti mlimi wathokoza mwanamiza onse awiri. "eee" ndi kuvomera, "eeeh" nthawi zambiri ndi kudabwa kapena kudandaula. Ulemu nawonso umabisala m'chilembo chimodzi, "mbwr" ndi mubwere, "ubwr" ndi ubwere, ndipo ngati wachinyamata walembera mfumu "ubwr" womasulira ayenera kudziwa kuti apa pali mwano kapena pali chibwana, ngakhale Chingerezi sichisiyanitsa iwe ndi inu.

Pogwira ntchito ine ndimasunga mizere itatu: meseji m'mene inabwerera osakhudza kalikonse, pansi pake Chichewa chathunthu, pansi pakenso Chingerezi. Mzere wapakatiwo ndi umene mnzako amatha kuuyang'ana n'kukuuza kuti aise apa si matemba ndi matumba, ngakhale iyeyo Chingerezi sachidziwa bwino. Ndipo kwa amene mumaponya mameseji otere m'makina omasulira a pa intaneti, ikanimo mzere wapakatiwo osati woyamba, chifukwa makinawo akaona "15 km" akupatsani makilomita basi.