Musafulumire kuuza mwana kuti mamayinasi awiri amapanga pulasi

Dzulo madzulo mwana wa mchemwali wanga anandibweretsera pepala lake la masamu, nkhope ili khwinya. Mafunso onse anali a manambala a pansi pa ziro, aja timawatchula kuti negetivi. Awiri mwa amene analakwa ndi amene andichititsa kulemba izi. Pa −3 − 5 analemba 8, ndipo pa −8 − (−3) analemba −11.

Nditamufunsa kuti 8 uja wachokera kuti, anayankha mosakayika: "Amalume, mamayinasi awiri amapanga pulasi." Apa m'pamene mtima unandipweteka, chifukwa mwanayu si waulesi ayi. Analoweza lamulo limene anamuuza, n'kuligwiritsa ntchito pamene anaona tizizindikiro tiwiri. Maganizo anga ndi akuti lamulo limeneli tikaliphunzitsa poyamba, timawononga ambiri kuposa amene timathandiza. Lizibwera pomaliza, mwana atadzionera yekha chimene chikuchitika.

Gwero la vutoli ndi lakuti kachizindikiro ka mayinasi kamagwira ntchito ziwiri. Nthawi zina kamatiuza mtundu wa nambala, kuti ili pansi pa ziro. Nthawi zina kamatiuza chochita, kuti tichotsere. Mu −3 − 5, koyamba ndi mbali ya dzina la nambala, kachiwiri ndi lamulo lakuti chotsera. Mwana amene sanasiyanitse ziwirizi amangoona timizere tiwiri tofanana.

Ndinatembenuza pepala lija n'kujambula mzere wa manambala kumbuyo kwake, ziro pakati, 1 mpaka 12 kumanja, −1 mpaka −12 kumanzere. Kenako ndinamuuza kuti mzerewu ukusonyeza mmene thumba lake lilili akawerengera zonse. Akakhala kumanja kwa ziro, ali ndi zake. Akakhala kumanzere, ali pa ngongole. Pa ziro alibe kanthu, komanso palibe womulondalonda. Fanizoli si lachilendo: katswiri wa masamu wa ku India, Brahmagupta, polemba malamulo a manambalawa m'chaka cha 628, ankawatchula kuti chuma ndi ngongole.

"Ika chala pa −3," ndinatero. "Uli ndi ngongole ya 3. Tsopano wakongolanso 5. Ulowera kuti?"

Sanachedwe n'komwe. "Kumanzere, ngongole ikukula." Anadumpha kasanu n'kufika pa −8. Anayang'ana 8 wake uja n'kumufufuta yekha, chifukwa palibe munthu amene amakongola kawiri n'kupezeka walemera. Ubwino wa ngongole ndi umenewu: imapatsa mwana njira yokanira yankho lopanda nzeru asanadikire cholembera chofiira.

Apa pali kamsampha kakang'ono. Ana ambiri amawerenga nambala imene aimapo ngati sitepe yoyamba, ndiye kuchoka pa −3 amakathera pa −7. Mukaona mayankho ambiri papepala akuphonya ndi 1 yekha, dziwani kuti mwanayo akuwerenga timizere m'malo mowerenga kudumpha. Muuzeni azijambula kauta pa kudumpha kulikonse, kenako awerenge timautato.

Funso lachiwiri ndi limene tinakhalitsapo, ndipo ndi limene limasowetsa mtendere ngakhale akuluakulu: −8 − (−3). Ndinamupempha kuti asaliwerenge mothamanga koma alinene m'mawu. Uli ndi ngongole ya 8. Chimene chili m'mabulaketi ndi ngongole ya 3. Chizindikiro cha pakati chikuti chotsa. Ndiye funso likuti: pa ngongole yako ya 8, chotsapo ngongole ya 3. Tiyerekeze kuti amene unamukongola wanena kuti, "Zitatu zija ndakukhululukira, usabweze."

"Ndiye zatsala 5," anatero.

"5 wako, kapena wa mwini wake?"

"Wa mwini wake. Ndi −5."

Pa mzere, chala chinachoka pa −8 n'kudumpha katatu kulowera kumanja. Anadabwa kuti tikuchotsera koma tikupita kumanja, poti kuyambira kale amadziwa kuti kuchotsera kumachepetsa. Ndinamusiya aganize kaye. Ngongole ikachepa, munthu amapuma, zinthu zamuyendera bwino ngakhale sanalandire kanthu m'manja. Kuchotseredwa ngongole ya 3 kumakufikitsa pamalo omwewo pamene ukanafika ukanapatsidwa 3. N'chifukwa chake −8 − (−3) ndi chimodzimodzi −8 + 3. Ndipo onani kuti yankho lidakali pansi pa ziro. Mamayinasi awiri ogundana aja asintha chochita kukhala kuphatikiza, sanalonjeze kuti yankho likhala la pamwamba pa ziro.

Ndinamuonetsanso kuti −5 ndi wamkulu kuposa −8, ngakhale maso amanena zina. Wa ngongole ya 5 ali bwinoko kuposa wa ngongole ya 8, ndipo pa mzere ali kumanja kwa mnzakeyo.

Kenako iye ndi amene anandigwira. Analoza funso lina, 2 − (−3), n'kufunsa kuti, "Nanga apa? Ndili ndi 2 wanga, ndilibe ngongole. Andikhululukira chiyani?" Funso limeneli ndi labwino kwambiri, ndipo wofotokoza asalithawe. Yankho n'lakuti 2 uja si ndalama zimene zili m'manja, koma zimene zimatsala ukawerengera zonse. Ukhoza kukhala ndi 5 m'thumba pamene 3 ndi za eni ake. Zako zenizeni ndi 2. Ngongole ya 3 ija ikafufutidwa, 5 yense wasanduka wako. Choncho 2 − (−3) = 5. Amene amaphunzitsa ngongole ngati ndalama za m'manja zokha amakakamira pomwepa, mwana n'kubwerera ku kuloweza.

Tisanapitirire ndinamuphunzitsa kudziyesa yekha. Ukachotsera, bwezera chimene wachotsacho, uone ngati ukubwerera pamene unayambira. Yankho lake lakale linali −11: ukabwezera ngongole ya 3, −11 + (−3) akupereka −14, osati −8, ndiye linali lolakwa. Latsopano, −5 + (−3), likupereka −8 ndendende.

Sindikunena kuti ngongole imafotokoza zonse mosavuta. Pa kuchulukitsa, 3 × (−4) ndi yophweka: ngongole zitatu za 4 iliyonse, zonse −12. Koma (−3) × (−4) imafuna kuti unene kuti akufufutira ngongole zitatu za 4, ndiye wakwera ndi 12. N'zoona, koma mwana amene wangoyamba kumene zimamulemera. Pamenepo ine ndimasiya nkhani ya ngongole n'kulemba mndandanda: 2 × (−4) = −8, kenako 1 × (−4) = −4, kenako 0 × (−4) = 0. Mwana amaona kuti yankho likukwera ndi 4 nthawi iliyonse, ndipo mukamufunsa za (−1) × (−4) amanena yekha kuti 4. Apa ndiye pamene mawu aja a mamayinasi awiri ali ndi malo ake enieni, pa kuchulukitsa ndi kugawa, komanso pa kuchotsera nambala ya negetivi. Pa −3 − 5 alibepo malo.

Dzulo sitinafike pa kuchulukitsa, nthawi inatha. Ndinamusiyira −6 − 2 ndi −6 − (−2) moyandikana, n'kumuuza kuti asanalembe nambala iliyonse ayambe walemba pambali pake liwu limodzi. Pa loyamba analemba "ndakongolanso", n'kupeza −8. Pa lachiwiri analemba "andikhululukira", chala chinayamba kulowera kumanzere mwachizolowezi, chinaima, n'kubwerera kukatera pa −4.